Kontrakiti yabwera pa foni: mmene mungailembere chidule munthu asanasayine

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, kuno ku Angoniya, m'Mozambiki, mapepala amayamba kuyenda. Masiku ano ambiri sabweranso m'envulopu. Amagwera pa foni ngati PDF, kudzera pa WhatsApp, ali m'Chipwitikizi cha maloya, ndipo wotumizayo amangowonjezera kuti "muwerenge, tidzasayine Lolemba." Amene wawalandira amafunafuna mwana wa m'mudzi amene anapitako patali ndi sukulu kuti amuuze zimene zalembedwamo. Ngati mwanayo ndinu, malangizo awa ndi anu.

Ndifotokoza potsata kontrakiti imodzi imene ndinaigwira mu Novembala 2024. Amalume anga ndi wapampando wa kalabu ya alimi 20 a soya cha ku Domwe. Kampani ina, imene sindiitchula dzina, inafuna kugwirizana nawo kuti iwapatse mbewu pa ngongole ndi ndalama yoyambira, iwo adzaigulitse matani 12 a soya akakolola. Mapepala anali masamba 7. Amalume anandipatsira foni n'kunena kuti, "Mphwanga, ungondiuza ngati zili bwino." Funso limenelo ndilo musamavomere kuyankha. Inu si loya, ndipo ntchito yanu si kugamula kuti zili bwino kapena ayi. Ntchito yanu ndi kutulutsa tsamba limodzi kapena awiri m'Chichewa, osonyeza masiku, ndalama ndi udindo wa aliyense, ndipo pa mzere uliwonse munthu azitha kuona ngati zimenezo zalembedwadi m'kontrakitimo, kapena mwachita kuwerengera nokha, kapena mukukayika. Zinthu zitatuzi zikasakanikirana, chidule chimasanduka msampha, chifukwa munthu amakhulupirira mphwake kuposa pepala.

Choyamba, onani ngati pepalalo ndi lathunthu

Musanawerenge ndime iliyonse, yendani ndi chala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Pansi pa tsamba nthawi zambiri pamalembedwa monga "Página 3 de 7". Werengani ngati onse alipo komanso ngati manambala a ndime akutsatana. Ndime 6 ikatsatana ndi ndime 9, pali tsamba limene silinajambulidwe. Kenako fufuzani mawu akuti "Anexo" ndi "Adenda". Amenewa ndi mapepala owonjezera, ndipo kawirikawiri kontrakiti imanena kuti ndi mbali yake. Kwa ife ndime 5 inkati soya adzayesedwa potsata "Anexo I", koma pepalalo munalibe. Limenelo linakhala funso langa loyamba ndisanamve n'komwe za mtengo.

Muonenso kuti PDF yanuyo ndi yamtundu wanji. Ina imakhala ya malemba enieni ochokera pa kompyuta, ina imakhala zithunzi chabe za mapepala. Kudziwa kwake n'kosavuta. Dinikizani chala pa liwu limodzi kwa kanthawi. Likadetsedwa kuti mungalikopere, ndi malemba enieni, ndipo mungagwiritse ntchito kagalasi kofufuzira, kapena `Ctrl+F` pa kompyuta, kusaka mawu ngati "prazo", "multa" ndi "MT". Likapanda kudetsedwa, ndi chithunzi, ndipo muyenera kuwerenga ndi maso mzere uliwonse. Alipo mapulogalamu osandutsa chithunzi kukhala malemba, koma pa manambala musawadalire. Amasokoneza 1 ndi 7, 3 ndi 8, ndipo pamene pagwera chidindo amangolembapo zimene aganiza. Nambala iliyonse yopita m'chidule muione nokha pa tsamba, mutalikuza.

Yathu inali ya zithunzi, yojambulidwa ndi foni patebulo. Ndinapita nayo ku Ulongwe kukaisindikiza. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi maso amene amatopa pa foni, ndipo pa pepala mumatha kulemba ndi pensulo m'mbali. Ndikulimbikitsa kuti nanunso muzitero.

Chachiwiri, dziwani kuti ndani ndi ndani

Makontrakiti a Chipwitikizi amatchula maina kamodzi kokha kumayambiriro, kenako amangoti "Primeiro Outorgante" ndi "Segundo Outorgante", ndiye kuti wosayina woyamba ndi wachiwiri. Pofika tsamba 5 mutu umakhala utazungulira, ndipo n'zosavuta kupatsa kampani udindo umene ndi wa alimi. Ine ndimatenga pensulo n'kulemba pamwamba pa mawu amenewa paliponse pamene apezeka: "kampani", "kalabu". Ndi ntchito ya mphindi khumi. Muyerekezenso maina, nambala ya chitupa cha unzika, BI, ndi ya msonkho, NUIT, ndi zimene zili pa zitupa zenizeni, ndipo muone ngati munthu wosayinira kampani walembedwa dzina ndi udindo wake.

Mukatero werengani kontrakiti yonse kamodzi osalemba kanthu, kuti mungomva mmene nkhani ikuyendera. Ulendo wachiwiri ndi pamene mumayamba kutola.

Chachitatu, masiku

Apa m'pamene pagona nkhani, ndiye tikhalapo pang'ono.

Masiku a m'kontrakiti ali mitundu iwiri. Alipo olembedwa ndi deti, monga 15/06/2025, ndipo kwathu kuno timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Alipo ena obisika, amene salembedwa ndi deti koma amati "pasanathe masiku akutiakuti kuchokera pamene chakuti chachitika." Obisikawa ndi amene amagwetsa anthu, chifukwa kuti muwadziwe muyenera kupeza zinthu zitatu: chimene chimayambitsa kuwerenga, kuchuluka kwa masiku, ndi mtundu wa masikuwo.

Tengani ndime 4 ya kontrakiti yathu. Inkati kampani idzapereka ndalama yoyambira "no prazo de 10 dias úteis após a assinatura", kutanthauza pasanathe masiku 10 ogwira ntchito chisayinireni. Tinkayembekezera kusayina Lolemba pa 18 Novembala. Tsiku losayinalo siliwerengedwa, mumayambira mawa lake. Mukadumpha Loweruka ndi Lamlungu, tsiku lakhumi likugwa Lolemba pa 2 Disembala. Munthu wowerenga Loweruka ngati tsiku la ntchito afika pa 29 Novembala. Wosalabadira liwu lakuti "úteis" afika pa 28 Novembala n'kuyamba kukalipa kuti kampani yachedwa pamene sinachedwe. Kwa alimi ofuna kubzala ndi mvula yoyamba, masiku anayiwo si ochepa. M'chidule ndinalemba 2 Disembala, n'kuikapo chizindikiro chakuti ndawerengera ndekha, n'kuwonjezera kuti kontrakiti sikunena za Loweruka.

Malamulo owerengera masikuwa sindinawapeke. Ali mu ndime 279 ya "Código Civil" ya 1966, imene ikugwirabe ntchito m'Mozambiki muno, ndipo amathandiza pamene kontrakiti yokha yasiya chikayiko. Ndime imeneyi imanena kuti tsiku limene chinthu chachitika siliwerengedwa, ndiponso kuti nthawi ikathera pa Lamlungu kapena pa holide imasunthira ku tsiku loyamba la ntchito. Ilinso ndi kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: "oito dias" amatengedwa ngati sabata imodzi, ndipo "quinze dias" ngati masabata awiri. Ndiye mukaona "quinze dias" musafulumire kulemba masiku 15. Mwina ndi 14. Lembani zonse ziwiri, ndipo ngati udindowo ndi wa munthu wanu, muuzeni atsate tsiku loyambirira.

Tsopano deti limene linandisowetsa tulo. Ndime 6, tsamba 4, inkanena tsiku lomaliza kupereka soya. Chidindo cha kampani chinagwera pa nambala yoyamba, ndipo chimene chinkaoneka bwino chinali 5/06/2025 yokha. Kutsogolo kwake kunali kanthu kooneka ngati 1, koma ukakakuza kamaoneka ngati 2. Mtima unkandiuza kuti ndi 25, chifukwa ndinkafunira amalume masiku ambiri. Ndinatsegula kalendala. Pa 15 Juni 2025 ndi Lamlungu. Pa 25 Juni ndi tsiku la ufulu wa dziko lathu, holide. Ndiye kalendala sinandithandize kusankha, masiku onse awiri ndi oti kampani yoganiza bwino sikanawasankha. Apa m'pamene munthu amayesedwa kuti angolemba limodzi n'kupitirira. Musatero. Ndinalemba onse awiri, n'kulembanso mtengo wa kulakwitsa kwake, umene muuone pansipa tikafika pa chindapusa.

Musaiwale masiku ang'onoang'ono okhala kumapeto: masiku odziwitsa kampani kukagwa tsoka, masiku odandaula ngati sikelo simukugwirizana nayo, ndi tsiku lonena kuti simukufuna kupitiriza. Mukaona "renovação automática" dziwani kuti kontrakiti idzadzipitiriza yokha chaka chinacho ngati palibe wolemba kalata yokana nthawi isanathe. Masiku onsewa muwandandalike motsata kalendala, osati motsata ndime, chifukwa mlimi amakhala moyo potsata miyezi.

Chachinayi, ndalama

Yambani ndi kalembedwe. M'Chipwitikizi kadontho kamalekanitsa masauzande, ndipo kamchira kamalekanitsa masentavu. Choncho 72.000,00 MT ndi mametikali 72 sauzande. Abale athu amene anaphunzira tsidya la Malawi, ku Dedza kapena ku Ntcheu, anazolowera zosemphana ndi zimenezi, ndipo ndinaonapo wina akuwerenga 1.500 ngati metikali imodzi ndi theka. Muonenso kuti ndi ndalama ya dziko liti. Kuno kumalire timagwira makwacha ndi mametikali tsiku limodzi, choncho m'chidule muzilemba dzina la ndalama pa nambala iliyonse.

Ndalama iliyonse muifunse mafunso anayi: akulipira ndani, zingati, liti, ndipo kudzera njira yanji, kaya ku banki, pa M-Pesa, pa e-Mola kapena pamanja. Mukatero chitani masamu amene kontrakiti sichita, a ndalama imene idzafikedi m'manja. Yathu inayenda motere. Makilogalamu 12.000, amene ndi matumba 240 a makilogalamu 50, pa mametikali 30 pa kilogalamu, akukwana mametikali 360.000. Ndalama yoyambira ndi 20 pa 100 iliyonse, ndiye mametikali 72.000. Mbewu ya ngongole, makilogalamu 600 pa mametikali 80, ndi mametikali 48.000. Ziwirizi zikachotsedwa, tsiku lomaliza kalabu idzalandira mametikali 240.000. Amalume m'mutu mwawo munali 360.000, ndipo anali atauza kale anzawo choncho. Nditawaonetsa 240.000 anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bola ndamva lero kusiyana n'kukamvera pa sikelo anthu ali pambuyo panga." Ndipo pa 240.000 imeneyo tinali tisanachotse galimoto ndi matumba.

Nambala iliyonse ya ndalama imalembedwa kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Ambiri timawerenga manambala n'kudumpha mawuwo. Muziwerenga zonse. Pa ndime 3 panalembedwa 30,00 MT, koma mawu otsatira ankati "trinta e dois meticais", ndiye kuti 32. Kusiyana kwa mametikali awiri kumaoneka ngati kopanda kanthu mpaka mutachulukitsa ndi makilogalamu 12.000. Ndi mametikali 24.000. Mudzamva anthu akunena kuti zikasemphana choncho mawu ndiwo amapambana. Musamange chidule chanu pa zimenezo. Kontrakiti isanasayinidwe, mankhwala ake ndi kufunsa kuti akonze, osati kukonzekera mlandu.

Palinso dzina la ndalama yoyambira ija. Ikalembedwa "adiantamento", ndi gawo chabe la malipiro limene laperekedwa msanga. Ikalembedwa "sinal", ndi chikole, ndipo lamulo lake ndi lolemera: ndime 442 ya "Código Civil" imati woperekayo akaphwanya pangano chikolecho chimamutayika, koma wolandirayo akaphwanya amabweza kawiri. Kontrakiti yathu inkati "adiantamento" pa ndime 4, koma pa ndime 9 ndalama yomweyo inkatchedwa "sinal". Kalabu italephera kupereka soya, kodi ibweza 72.000 kapena 144.000? Limeneli si funso loti mphwake wa munthu ayankhe. Ndinalilemba kuti lipite kwa loya.

Za msonkho ndingonena mwachidule. Mukaona "acrescido de IVA", pa mtengowo padzawonjezeredwa msonkho, umene kuyambira 2023 uli pa 16 pa 100 iliyonse. Mukaona "IVA incluído", uli kale m'katimo.

Chindapusa chokha chimafuna kuchisandutsa ndalama yooneka. Ndime 9 inkati kalabu ikachedwa idzalipira 1 pa 100 iliyonse tsiku lililonse, "sobre o valor". Pa mtengo wa chiyani? Sinanene. Ngati ndi mtengo wa kontrakiti yonse, ndi mametikali 3.600 pa tsiku. Ngati ndi mtengo wa soya wotsala yekha, tinene kuti kwatsala matani awiri a mametikali 60.000, ndi mametikali 600 pa tsiku. Tsopano kumbukirani deti la pansi pa chidindo lija. Ndikanalemba 25 Juni pamene lenileni ndi 15, alimi akanachedwa masiku 10 ali ndi mtima wokhazikika, ndipo pa kawerengedwe kolemerako akanadulidwa mametikali 36.000 chifukwa cha nambala imodzi imene ine ndinangoganizira. Muonenso ngati chindapusacho chili ndi malire, komanso ngati kampani nayo ili ndi chilango ikachedwa kulipira. Yathu inalibe. Kusowa kwa chinthu nakonso muzikulemba m'chidule, chifukwa munthu wongomvetsera sangadziwe zimene palibe.

Chachisanu, udindo

Gawani pepala pakati, mbali ina kalabu, mbali ina kampani. Fufuzani mawu akuti "deve", "obriga-se a" ndi "compromete-se a". Onsewa ndi okakamiza. Koma "pode" ndi "poderá" amatanthauza kuti angathe ngati afuna. Apa womasulira wachifundo amalakwa kwambiri. Ndime 7 inkati kampani "poderá" kutumiza mlangizi ndi kuthandiza mayendedwe. Munthu wofulumira akanauza alimi kuti kampani idzatumiza galimoto. Ayi ndithu, sinalonjeze. Ndipo ndime 6 inkati soya aperekedwe "no armazém do comprador", ku nyumba yosungiramo katundu ya wogula, osanena kuti ndi ya ku Ulongwe kapena ya mumzinda wa Tete, umene uli pa mtunda woposa makilomita 200. Matani 12 pa mtunda umenewo ndi ndalama yoti ingadye phindu la anthu angapo.

Udindo wina subwera pa ndime ya udindo. Umabisala m'ndime za kumapeto zimene anthu amafika atatopa. Zitatu izi muzizisaka dala. Choyamba ndi kuletsa kugulitsa kwina. Ngati chilipo, muwauze alimi mosapita m'mbali kuti mavenda akadzabwera ndi mtengo wokwera mu Meyi, wogulitsa thumba limodzi kumbali waika gulu lonse m'mavuto. Chachiwiri ndi liwu lakuti "solidariamente". Likapezeka, kampani ikhoza kulonjerera ngongole yonse kwa munthu mmodzi mwa osayinawo, iyeyo n'kumakatolera yekha kwa anzake. Amalume, mlembi ndi msungichuma ndiwo ankasayina, ndipo liwulo linalipo. Chachitatu ndi "força maior", tsoka loposa mphamvu za munthu. Muone ngati chilala, matalala ndi mvula yowononga zatchulidwa, komanso masiku odziwitsira. Yathu inkafuna kalata pasanathe masiku 5. Kuimba foni kapena kuuza mlangizi pamsewu si kalata.

Pomaliza onani "foro", khoti limene lidzaweruze mkangano. Likakhala la ku Maputo, mlimi wa ku Domwe adziwiretu zimenezo.

Chachisanu ndi chimodzi, kulemba chidulecho

Pamwamba lembani dzina la fayilo, tsiku limene munailandira ndi kuchuluka kwa masamba, chifukwa kampani ikatumiza ina yokonzedwa mudzafuna kudziwa kuti chidulechi n'cha iti. Pansi pake lembani chiganizo chimodzi chonena kuti pepalali ndi lothandiza kumva chabe, chosayinidwa ndi kontrakiti yeniyeniyo. Kenako mzere uliwonse ukhale ndi tsamba, ndime ndi chizindikiro. Ine ndimagwiritsa zitatu: L pa zolembedwa momveka, W pa zimene ndawerengera, ndi chizindikiro cha funso pa zokayikitsa. Mizere ina ya chidule cha amalume inali yotere:

L. Kalabu ipereke soya makilogalamu 12.000, chinyezi chisapose 13 pa 100. Tsamba 3, ndime 5.

W. Ndalama yoyambira, mametikali 72.000, ifike pofika 2 Disembala 2024, ngati tasayina pa 18 Novembala ndipo Loweruka sitikuliwerenga. Tsamba 2, ndime 4.

? Tsiku lomaliza kupereka soya: 15 kapena 25 Juni 2025, chidindo chaphimba nambala. Tikalakwitsa, chindapusa chingafike mametikali 36.000. Tsamba 4, ndime 6. Mpaka atayankha, titenge 15.

Onani mzere wachitatuwo. Chikayiko cholembedwa bwino chimanena zinthu zinayi: pamene chili, njira ziwiri zowerengera, ndalama kapena masiku amene zikusiyana, ndi choti munthu achite podikira yankho. Kungolemba kuti "apa sizikumveka" sikuthandiza aliyense. Ndipo zokayikitsa si zamtundu umodzi. Zina ndi za maso, monga chidindo chija, ndipo zimatha mukapempha tsamba looneka bwino. Zina ndi zosemphana m'kontrakiti momwemo, monga 30 ndi 32, ndipo woyenera kukonza ndi amene analemba. Zina ndi za tanthauzo la lamulo, monga chikole ndi "solidariamente", ndipo zimenezi n'za loya. Mukazisiyanitsa choncho mumadziwa khomo loti mugogode, ndipo simutayitsa nthawi ya loya ndi nambala yofufutika. Kwa amene sangakwanitse kulipira loya, boma lili ndi bungwe la IPAJ lothandiza anthu osowa pa nkhani za malamulo. Mukapita kumeneko tengani kontrakiti yosindikiza ndi mafunso anu olembedwa kale.

Pa mawu okayikitsa, koperani Chipwitikizi chake monga chilili, kenako kumasulira kwanu pansi pake. Musawasalalitse. Ngati kontrakiti ndi yosamveka pamalo pena, chidule chomveka bwino pamalo pomwepo ndi bodza, ngakhale mutalemba ndi mtima wabwino.

Chenjerani ndi mbali inanso. Chidule chokhala ndi zizindikiro za funso 30 chimangoopseza munthu, ndipo amasiya kuziona zonse. Muziike motsata kulemera kwake. Kwa amalume ndinatsala ndi 8, ndipo zitatu zodula kwambiri ndinaziika pamwamba.

Chachisanu ndi chiwiri, kuwerengera mwini wake

Musangotumiza chidule pa foni. Khalani naye pansi, kontrakiti ili pambali, muziloza ndi chala ndime iliyonse pamene mukuwerenga. Mukatha mupempheni akufotokozereni iyeyo. Ine ndinati, "Amalume, tandiuzani inuyo tsopano ngati mukuuza a kalabu: mudzalandira zingati, ndipo liti?" Pa ndalama anayankha bwino. Pa tsiku anati, "Tikangotsitsa matumba, masabata awiri." Apa ndinazindikira kuti ndinalemba mopepuka. Ndime 8 inkati malipiro adzabwera "quinze dias" kuchokera pa "recepção definitiva", kulandira komaliza, ndipo kontrakiti sinanene kuti kulandira komalizako kumachitika liti kapena amalengeza ndani. Kutsitsa matumba n'kwina, kuvomereza kuti soya wakhoza mayeso n'kwinanso. Soya atafika Lachisanu pa 13 Juni n'kuvomerezedwa tsiku lomwelo, ndalama ikanayenera kubwera pa 27 kapena 28 Juni. Koma atakhala milungu itatu akudikira woyesa chinyezi, masiku aja sakanayamba n'komwe kuwerengedwa. Mzerewo ndinauchotsa pa W n'kuupititsa pa zokayikitsa, ndipo mafunso anakhala 9.

Mafunso opita ku kampani tinawalemba m'Chipwitikizi, lililonse ndi nambala ya ndime, n'kupempha kuti ayankhe polemba. Yankho la pakamwa, ngakhale la munthu waulemu, silisintha pepala. Patapita masiku atatu anatumiza PDF ina. Apa pali ntchito imene ambiri amaidumpha: fayilo yatsopano muiwerenge yonse, kuiyerekeza ndi yakale ndime ndi ndime, osangoona pamene munafunsa pokha. Mtengo unali 30 m'manambala ndi m'mawu momwe. Deti linali 15 Juni. Liwu lakuti "sinal" analichotsa, chindapusa anachilemba kuti n'cha soya wotsala yekha, nyumba yosungiramo katundu inali ya ku Ulongwe, ndipo "Anexo I" inabwera. Liwu lakuti "solidariamente" anakana kulichotsa, ndipo atatu aja atamva tanthauzo lake kwa loya, anaitanitsa msonkhano kuti mamembala onse 20 alembe pangano lawo la m'kalabu lonena gawo la aliyense.

Za kulandira komaliza anaiwala kukonza. Tsiku losayina, limene linasunthira pa 25 Novembala, amalume analoza mzerewo pa chidule chawo n'kukana kugwira cholembera. Woimira kampani analemba pamanja, pa makope onse awiri, kuti kuyesa kudzachitika pasanathe masiku 5 katundu atafika, ndipo mbali zonse zinasayina pambali pa mawuwo komanso pansi pa tsamba lililonse. Madzulo ake ndinakhalanso pansi kuwerengera masiku mwatsopano, popeza tsiku losayina likasuntha, mizere yonse ya W yodalira tsikulo imasuntha nayo. Ndalama yoyambira inachoka pa 2 Disembala n'kupita pa 9 Disembala. Pa kalendala ya pakhoma amalume sanalembe 15 Juni, poti ndi Lamlungu. Anazunguliza Lachisanu pa 13.